Mneni akapita kumapeto, n'chiyani china chimasuntha naye?

"Ndayamba kuphunzira Chijapani chifukwa chaka chamawa ndikupita kusukulu ku Japani. Chikundizunguza mutu n'chakuti mawu onse akuoneka ngati aikidwa chagada: mneni ali kumapeto, ndipo 'ku' akubwera pambuyo pa dzina la malo. Kodi ndi malamulo osiyanasiyana oti ndingoloweza limodzilimodzi, kapena pali chimene chimawamanga pamodzi? Mnzanga akutinso Chichewa chilibe dongosolo la mawu, poti timatha kunena kuti 'nsima mwana waidya'. Zoona zake n'ziti?" Wafunsa choncho ndi wowerenga wina wa ku Zomba.

Achimwene, chimene chimawamanga pamodzi chilipo, ndipo mukachigwira ntchito yoloweza ichepa kwambiri. Tiyambe ndi mawu atatu amene tinaphunzira m'kalasi ya Chichewa: mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. M'chiganizo choti "Taro anawerenga buku", Taro ndi mwininkhani, anawerenga ndi mneni, buku ndi pamtherankhani. M'mabuku a akatswiri a zilankhulo dongosolo limeneli mudzaliona litalembedwa SVO. Mjapani amati "Taro ga hon o yonda", ndiye kuti Taro, buku, anawerenga, ndipo limenelo amalilemba SOV.

Mawu atatu angandandalikidwe m'njira zisanu ndi imodzi, koma zilankhulo sizinagawane njirazi mofanana. Katswiri wa zilankhulo Matthew Dryer anawerengera zilankhulo 1,376 m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa WALS. Mwa izo, 564 zimatsiriza ndi mneni ngati Chijapani, ndipo 488 zimamuika pakati ngati Chichewa. Zoyamba ndi mneni kenako mwininkhani zilipo 95. Zotsala n'zochepa, ndipo 189 zilibe dongosolo limodzi lopambana ena. Choncho dongosolo lomwe likukuonekerani lachilendolo ndi lomwe lili ndi zilankhulo zambiri padziko lapansi. Chitheki cha ku Turkey, Chikoreya, Chihindi ndi Chiamuhariki cha ku Ethiopia zonse zili kumeneko.

Koma malo a mwininkhani musawaganizire kwambiri. Funso limene limalosera zambiri ndi lakuti: pakati pa mneni ndi pamtherankhani, amatsogola ndani? Amene anaonetsa zimenezi poyera ndi Joseph Greenberg m'chaka cha 1963, atayerekeza zilankhulo 30, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chijapani chimene mukuphunzirachi. Iye anaona kuti malo a mneni amayenda limodzi ndi malo a mawu ena amene poyang'ana koyamba sakhudzana ndi mneni n'komwe.

Taonani aperekezi. Ife timati "ku Tokyo", iwo amati "Tokyo e". Ife timati "kuchokera ku Osaka", iwo "Osaka kara". Umwini nawonso: "buku la Taro" ndi "Taro no hon", mwini patsogolo, chinthu pambuyo. Funso ife timalitsegula ndi "kodi", iwo amalitseka ndi "ka". "Ndikufuna kudya" kwa iwo ndi "tabetai", pomwe kudya kwatsogola ndipo kufuna kwamata kumchira. Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha "pamwamba pa tebulo". M'Chijapani ndi "tsukue no ue ni": tsukue ndi tebulo lolembera, no ndi kamawu ka umwini, ue ndi mwamba, ni ndi pa. Muwerenge kuchokera kumapeto kubwerera kumbuyo, ni, ue, no, tsukue, mupeza pa, mwamba, pa, tebulo. N'Chichewa chenicheni, mawu ndi mawu.

Chimene chikuchitika n'chakuti m'kagulu kalikonse ka mawu muli mawu amodzi amene ndi mutu, ndipo ena amangowamalizitsa. Mu "kuwerenga buku" mutu ndi kuwerenga. Mu "buku la Taro" mutu ndi buku, poti nkhani ndi ya buku, osati ya Taro. Chichewa chimatsogoza mutu pafupifupi paliponse. Chijapani chimauika kumapeto pafupifupi paliponse. Lamulo ndi limodzi, likungoonekera m'malo ambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani zimayendera limodzi? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya mawu, ndipo Chichewa chimaionetsa bwino. Tikamati "Chikondi ndi wamtali kuposa Mphatso", kuposa ndi mneni weniweni, yemwe uja wa "wandiposa", ndipo Mphatso ndi pamtherankhani wake. Poti mneni wathu amatsogolera pamtherankhani, mawu ofananitsira obadwa kwa mneniyo sangachitire mwina, atsogola basi. Chimodzimodzi "kuchokera" ndi "kufikira", amene lero timawagwiritsa ntchito ngati aperekezi koma ndi aneni. "Pamwamba pa", "kumbuyo kwa" ndi "m'kati mwa" anabadwa kwa umwini, choncho amatsata dongosolo la umwini. Aperekezi ambiri padziko lapansi anabadwa m'njira ziwirizi, ndiye n'zosadabwitsa kuti amakhala mbali imene makolo awo ankakhala. Mbali ina ya yankho, imene John Hawkins anaikankhira patsogolo, ndi ya khutu la womvera: mitu yonse ikakhala mbali imodzi imayandikana, ndipo munthu amazindikira msanga mmene chiganizo chamangidwira. Ine ndimaona kuti mafotokozedwe onse awiri ali ndi mbali yake, koma a mbiri ndi amene munthu ungawagwire ndi manja m'chilankhulo chako chomwe.

Tsopano tiyeni pamene ophunzira ambiri amagwa, pa nthambi ya chiganizo yofotokoza dzina. Titenge chiganizo ichi: "Taro anawerenga buku limene amayi anagula ku Tokyo." M'Chijapani ndi "Taro wa okaasan ga Tokyo de katta hon o yonda." Mawu ake motsatana ndi awa: Taro, amayi, Tokyo ku, anagula, buku, anawerenga.

Munthu wozolowera Chichewa akafika pa "katta", anagula, amaganiza kuti chiganizo chatha, poti anauzidwa kuti mneni amakhala kumapeto. Kenako akudabwa kuona "hon" ataima pamenepo. Ena amamasulira kuti "amayi anagula buku" n'kusowa pomuika mneni wachiwiri uja. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona mneni ndipo dzina lamutsatira pompo, popanda mpumiro, dziwani kuti mneniyo pamodzi ndi mawu a nthambi yake amene atsogola akufotokoza dzinalo. Chijapani chilibe mawu ngati "limene" kapena "amene" okuchenjezani. Malo okhawo ndiwo chenjezo.

Njira imene ndimalangiza ndi iyi. Chotsani kaye mawu amene ali ndi "wa" koyambirira, ameneyo ndiye nkhani ikumunena: Taro. Lumphirani kumapeto mutenge mneni: yonda, anawerenga. Bwererani phazi limodzi mupeze mawu okhala ndi "o", ameneyo ndi pamtherankhani: hon, buku. Patsogolo pa bukulo pali mneni, ndiye ikani "limene" nokha, mutenge mwininkhani wa nthambiyo amene ali ndi "ga", amayi, kenako katta, anagula, kenako Tokyo de, ku Tokyo. Mwatuluka ndi chiganizo chathu chija. Onani kuti mwininkhani yekha ndiye sanatembenuke, poti m'zilankhulo zonse ziwiri amatsogola. Njirayi ndi ya powerenga, masiku oyamba. Pomvetsera simungalumphe, ndipo muyenera kuphunzira kudikira, chifukwa ngakhale kukana kumabwera kumapeto: "ikimasu" ndi ndipita, "ikimasen" ndi sindipita. Ife "si" timamumva mneni asanatuluke.

Pano ndikuchenjezeni, chifukwa mfundoyi ili ndi malire. Chijapani ndi Chichewa zili kumathero awiri ndipo zonse ndi zosasakaniza kwenikweni, n'chifukwa chake kutembenuza kumagwira bwino chonchi. Zilankhulo zina sizitero. Chiperisiya cha ku Iran chimaika mneni kumapeto koma aperekezi ake amatsogola ngati athu. Chitchaina cha Mandarini chimaika mneni pakati ngati ife koma nthambi yofotokoza dzina imatsogola ngati m'Chijapani, zomwe n'zosowa kwambiri pakati pa zilankhulo za mtundu wathu.

Mfotokozi ndiye amanyenga koposa. Mjapani amati "akai hon", lofiira buku, ife "buku lofiira", ndiye munthu angaganize kuti naponso ndi lamulo lomwe lija. Akatswiri ena ankaganiza choncho kwa zaka zambiri. Koma mu 1992 Dryer, atayang'ana zilankhulo 625, anaonetsa kuti malo a mfotokozi sayendera malo a mneni. Umboni muli nawo kale: Chingerezi chimaika mneni pakati ngati Chichewa, koma mfotokozi wake amatsogolera dzina. Mukadzayamba chilankhulo china, malo a mfotokozi mudzachite kufunsa, osalosera.

Za mnzanu uja, waona chinthu chenicheni koma wachimasulira molakwa. Nkhani imeneyi anaifufuza Sam Mchombo, Mmalawi amene waphunzitsa ku yunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi Joan Bresnan, mu 1987. Chiganizo chawo chinali "Njuchi zinaluma alenje". Yesani kusuntha mawu. "Zinaluma alenje njuchi" chikumveka. Koma "njuchi alenje zinaluma" chikukwakwata m'khutu, pokhapokha mutaikamo -wa-: "njuchi alenje zinawaluma". Anapeza kuti popanda -wa- njira zololedwa ndi ziwiri zokha, ndipo m'zonse ziwiri alenje amamatirira pambuyo pa mneni. Mukaikamo -wa-, njira zonse zisanu ndi imodzi zimatheka.

Chifukwa chake n'chakuti -wa- ndi mlowam'malo amene wakhala kale pamtherankhani m'kati mwa mneni. "Zinawaluma" n'chiganizo chathunthu pachokha, ndipo alenje asanduka mawu ongotchula amene tikuwanena, omasuka kuima paliponse. Mu "nsima mwana waidya" muli -i- amene akugwira ntchito yomweyo. Mchotseni, munene kuti "nsima mwana wadya", mumva kuti chiganizo chatsimphina. Ndiye poyeza dongosolo lenileni la chilankhulo, akatswiri amatenga chiganizo chosatsindika kanthu, chokhala ndi mayina awiri athunthu, chopanda zoonjezera ngati zimenezi. Poyeza motero Chichewa chimatuluka mwininkhani, mneni, pamtherankhani.

Chijapani nachonso chili ndi ufulu wotere, koma chimaupeza m'njira ina. Ife timalemba chizindikiro pa mneni, iwo amachilemba pa dzina. Poti "ga" akusonyeza wochita ndipo "o" akusonyeza wochitiridwa, Mjapani angathe kunena "hon o Taro ga yonda", buku patsogolo, tanthauzo osasintha. Choncho mukamamvetsera musadalire kuti dzina loyamba ndiye wochita. Tcherani khutu ku kamawu kotsatira dzinalo. Mu "neko o inu ga oikaketa", neko ndi mphaka, inu ndi galu, oikaketa ndi anathamangitsa. Mphaka watchulidwa koyamba, koma ali ndi "o", ndiye wothamangitsa ndi galu.