Foloko ya hatchi: chifukwa chake imadya, komanso mmene mungayiwonere isanafike

"Ndangoyamba kumene tchesi koma chikundibowa ndi hatchi. Gemu imakhala ikuyenda bwinobwino kenako imangotulukira, tcheki, ruku wanga wapita kapena kwini amene. Bishopu ndi ruku ndimatha kuwaona akubwera koma iyiyi ayi. Chimachitika ndi chani kwenikweni, ndipo pali njira yoti ndiziyiona isanandilume?"

Njira ilipo achimwene, ndipo yagona pa mtundu wa mabokosi a pa bolodi. Koma tiyambe kaye ndi chifukwa chake foloko imadya, chifukwa mukachimvetsa chimenecho zinazo zizibwera zokha.

Pa tchesi aliyense amasewera muvu imodzi basi kenako nkudikira mnzake. Ndiye hatchi ikatera pa bokosi limene ikuopseza mapisi anu awiri nthawi imodzi, chimene timati foloko, inu muli ndi mavuto awiri koma muvu imodzi yokha, mupulumutsa imodzi inayo ipita. Izi pisi iliyonse imatha kuchita, ngakhale poni imene. Chomwe hatchi yasiyana nazo ndi zinthu ziwiri. Choyamba imadumpha, ndiye simungayitchingire njira. Bishopu akakupatsani tcheki mutha kuika poni pakati nkhani yatha, koma tcheki ya hatchi ili ndi mayankho awiri okha, kuidya hatchiyo kapena mfumu kusuntha. Chachiwiri, ndipo ichi ambiri sachiganizira, pisi imene hatchi ikuopseza siingabwezere pokhapokha nayonso ikhale hatchi. Kwini amayenda mizere yoongoka ndi yopingasa yonse, koma mabokosi 8 amene hatchi imaluma ali kunja kwa mizere imeneyo, ndiye kwini ndi mphamvu zake zonse zija amangoyang'ana, hatchi imene ikumuopseza sangaikhudze.

Kenako pali masamu. Poni timaiwerenga 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9. Hatchi ndiyotchipa, ndiye ngakhale idye ruku kenako nayo nkudyedwa, mwini wake wapereka 3 watenga 5. Ikadya kwini wapereka 3 watenga 9. Nchifukwa chake kunena kuti "ruku wanga ndi wotetezedwa" sikuthandiza kwenikweni pa foloko ya hatchi, mumaluzabe.

Tione gemu yeniyeni, yofanana ndi zomwe ndikuganiza kuti zikukuchitikirani. Pa mamuvu ali mmunsimu N ndi hatchi, B bishopu, R ruku, Q kwini, K mfumu, x ndi kudya, + ndi tcheki, # ndi tcheki yothetsa gemu. Ikani mapisi pa bolodi, musangowerenga:

```
1. e4   e5
2. Nc3  Qf6
3. Nd5  Qg6
4. Nxc7+ Kd8
5. Nxa8
```

Vuto layambira pa muvu yachiwiri ya wakuda. Gemu ikamayamba, poni ya pa c7 imatetezedwa ndi pisi imodzi yokha, kwini wa pa d8. Kwini uja atangochoka kupita f6, c7 yatsala yamasiye. Woyera wabweretsa hatchi pa d5 ndipo apa pali kale zoopseza ziwiri, kwini wa pa f6 ndi bokosi la c7, koma munthu wongoyamba amaona chimodzi chokha chifukwa mtima wonse uli pa kwini, ndiye amangomuthawitsira kulikonse komwe kukuoneka kotakasuka. Akanabwerera 3...Qd8 palibe chikanatayika, zochititsa manyazi pang'ono inde koma c7 yatetezedwa. 3...Qd6 imatetezanso. Koma wapita g6, hatchi yadya c7 ndi tcheki, mfumu ikuyenera kusuntha, ruku wa pa a8 wapita.

Tiwerengere bwino chifukwa nkhani sithera pomwepo. Woyera watenga poni ndi ruku, ndi 6. Wakuda atha kudya poni ya pa e4 ndi tcheki, ndi 1, ndipo hatchi ija pa a8 ili pakona, potulukira pake ndi b6 ndi c7 basi, ndiye nthawi zambiri wakuda amasewera b6 kenako Bb7 nkuigwira, ndi 3 ina. Zonse zikamuyendera wabweza 4 pa 6. Adakali kumbuyo, mfumu yake yasuntha ndiye sangakasulenso, komabe gemu sinafe. Ndiye zikakuchitikirani musamathamangire kugonja, tsekerani hatchiyo pakona pomwepo.

Tsopano za kuyiona isanafike. Hatchi ikadumpha imasintha mtundu wa bokosi nthawi zonse, ikachoka pa loyera imatera pa lakuda, ikachoka pa lakuda imatera pa loyera, palibe pomwe lamuloli limaphonya. Ndiye zikutanthauza kuti mapisi awiri amene angagwidwe foloko ayenera kukhala pa mabokosi a mtundu umodzi. Mfumu pa loyera kwini pa lakuda, hatchi singawalume onse awiri ngakhale itadumpha bwanji.

Ndiye apa ndi pomwe pali pokoma. Hatchi isanadumphe kukachita folokoyo imakhala itaima pa mtundu womwewo umene mapisi anu awiri aja ali. Bwererani ku gemu ija muone. Mfumu pa e8, bokosi loyera. Ruku pa a8, loyera. Hatchi pa d5, loyeranso. Yadumphira pa c7 lakuda, ndipo kuchokera pa lakuda imaluma oyera. Ndiye funso loti muzidzifunsa hatchi ya mnzanu ikangosuntha ndi lakuti, yaima pa mtundu wanji, nanga mfumu yanga, kwini ndi maruku ali pa mtundu wanji? Ngati hatchi ili pa loyera ndipo mapisi anu akuluakulu awiri alinso pa oyera, imani kaye, manja kumbuyo, yang'anani bokosi lililonse limene ingadumphirepo, sangapitirire 8 ndipo ena mwa iwo akupita kumbuyo ndiye sizitenga nthawi. Ngati ili pa mtundu wosiyana ndi mapisi anuwo, pa muvu ikubwerayo siingawachite foloko (kungoti onetsetsani kuti sikuluma kale imodzi mwa iwo pomwe yaimapo). Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi lofunika kwa wongoyamba kuposa kuloweza maopeningi, chifukwa mumaliyankha ndi maso okha osawerengera mamuvu mmutu.

Chothandiza china ndi kuzolowera kakhalidwe ka mapisi amene amagwidwa kawirikawiri. Mapisi awiri pa mzere umodzi pakati pali bokosi limodzi, ngati e8 ndi g8, hatchi pa f6 imawagwira onse. Pakati pali mabokosi atatu, ngati a8 ndi e8, ndi c7 ija. d8 ndi h8 chimodzimodzi, bokosi lake ndi f7. Nchifukwa chake c7 ndi f7 kwa wakuda, c2 ndi f2 kwa woyera, ndi malo amene mafoloko a kumayambiriro kwa gemu amachulukira, mapisi amakhala atakhala kale mmalo oyenera kugwidwa kuyambira muvu yoyamba, changotsala ndi mlonda wa bokosilo kuchoka. Ndiye musanasunthe kwini pa d8 kapena d1 dzifunseni kuti akachoka c7 kapena c2 atsala akuyang'ana ndani.

Pa f7 pali chosiyana pang'ono chifukwa mlonda wake ndi mfumu, ndipo mfumu singadye pisi yotetezedwa. Pambuyo pa 1. e4 e5 2. Nf3 Nc6 3. Bc4 Nf6 4. Ng5, hatchi ili pa g5 lakuda, kwini pa d8 lakuda, ruku pa h8 lakuda, belu lalira kale. Wakuda akasewera 4...h6 poganiza kuti akuithamangitsa, 5. Nxf7 yalowa ndipo mfumu singaidye chifukwa bishopu wa pa c4 akuiteteza. Muvu imene imaseweredwa kwambiri apa ndi 4...d5, kudula mzere wa bishopuyo. Kuthamangitsa hatchi ndi poni kumagwira ntchito pokhapokha ngati komwe ikufuna kupita nkotsekedwa, apo ayi mwangoikankhira komwe imafuna kale.

Kumapeto kwa gemu, mapisi atachepa ndipo mfumu yanu ikuyendayenda, pali malo amodzi abwino kubisalako. Imani mopingasa ndi hatchi, pakati pakhale bokosi limodzi, mwachitsanzo hatchi pa d4 mfumu pa f6. Ikuoneka ngati ili pafupi koma imafuna mamuvu atatu kuti ikupatseni tcheki.

Koma musatenge ngati foloko iliyonse imadya, ndipo apa ndikufuna mumvetsere chifukwa mukangoyamba kuwaona mafolokowa mudzayamba kuwathamangira. Foloko ya tcheki ndi imene ili yotsimikizika kwambiri chifukwa mnzanu alibe ufulu wosankha. Yopanda tcheki imamupatsa muvu imodzi yaulere, ndipo ngati pisi imodzi ingathawe ikupereka tcheki kapena ikuopseza chinthu chachikulu, zinthu zimatembenuka. Pali msampha wakalekale umene umagwira anthu ambiri pa mfundo imeneyi:

```
1. e4   e5
2. Nf3  Nc6
3. Bc4  Nd4
4. Nxe5 Qg5
5. Nxf7 Qxg2
6. Rf1  Qxe4+
7. Be2  Nf3#
```

Pa muvu yachisanu woyera wachita foloko yooneka bwino kwambiri, kwini wa pa g5 ndi ruku wa pa h8, hatchi yotetezedwa ndi bishopu, chilichonse chili mmalo mwake. Koma palibe tcheki. Kwini wathawa akudya g2 ndipo akuopseza ruku wa pa h1. Woyera akadya h8, wakuda adya h1 ndi tcheki kenako e4 ndi tcheki inanso, woyera zake zada. Akapulumutsa ruku ngati mmene zilili pamwambapa, kwini adya e4 ndi tcheki, bishopu wabwera kudzatchinga pa e2 ndipo wamangika pomwepo sangasunthe, hatchi yakuda yatera f3, mfumu yazunguliridwa ndi mapisi ake omwe, gemu yatha pa muvu 7 ruku wa pa h8 asanakhudzidwe nkomwe.

Ndiye kaya mukuchita ndinu kaya akukuchitani, yang'anani zinthu zitatu izi mwa dongosolo lake. Kodi hatchiyo ingadyedwe pomwe yaterapo? Kodi pali tcheki? Ngati palibe, kodi imodzi mwa mapisi awiriwo ingachoke ndi tcheki kapena ndi choopseza chachikulu, kapena ingachoke nkukateteza inzake? Chomalizachi chimathandiza makamaka ngati pisi yotsalayo ndi bishopu kapena hatchi, chifukwa zikatero mwangosinthana 3 ndi 3, koma ngati ndi ruku mwangochepetsa chabe zotayika.

Poyeserera, tengani magemu anu amene munaluza ndi foloko, bwererani mamuvu awiri foloko isanachitike, ndiye mutchule mokweza mtundu wa bokosi la hatchi, la mfumu, la kwini ndi la maruku. Mupeza kuti mitundu inali itagwirizana kale muvu imodzi isanalume, ndipo panali muvu yoti mukanasewera, kaya kuteteza bokosi loterapo kaya kungosuntha pisi imodzi kupita pa mtundu winawo. Mukatero pa magemu angapo muyambe kuchita zomwezo gemu ili mkati, koma sankhani magemu a nthawi yaitali monga a mphindi 15, chifukwa pa a mphindi 3 simupeza mpata wofunsa funso lililonse.