Kanema wanga akuzima yekha mpira uli mkati, usiku n'kuyakanso yekha

"Zikomo achimwene. Ndili ndi kaholo koonetsera mpira kuno ku Mchesi. Kanema amene ndinagula kwa mnzanga wobwera ku Joni akundichititsa manyazi. Loweruka ndikamuyatsa cha m'ma 2 koloko masana, ikamakwana 6 koloko amangozima, anthu n'kuyamba kukuwa kuti ndiwabwezere ndalama. Ndikamuyatsanso amagwira bwinobwino. Chinanso, usiku ndimazimitsa ndi rimoti, koma masiku ena mlonda amandiuza kuti anayaka yekha pakati pa usiku. Amisiri ena akuti ndisinthe bolodi. Kodi wafa?"

Achimwene, ndalama ya bolodiyo muyambe mwaisunga. Umboni woti kanema wanu ali moyo mwaupereka nokha osadziwa, pamene mwatchula nthawi. Kuchokera 2 koloko kufika 6 koloko ndi maola 4, ndipo chinthu chowonongeka sichiyang'ana wotchi. Bolodi ikamafa imazimitsa kanema lero patapita mphindi 10, mawa patapita maola awiri, mkuja n'kukaniratu kuyaka. Koma kuzima kosunga nthawi chonchi, Loweruka ndi Loweruka, ndi lamulo limene linaikidwa m'kati mwake, ndipo iye akungolimvera.

Lamuloli linachokera ku Ulaya. Mu 2009 mayiko a kumeneko anagwirizana kuti wailesi ya kanema iliyonse yogulitsidwa kwawo izizima yokha pakatha maola 4 munthu asanaikhudze, pofuna kupulumutsa magetsi amene amangopita pachabe mwini wake atagona pampando. Makampani opanga anangoika dongosololi m'makanema ambiri, ngakhale opita kumisika ina, n'chifukwa chake limapezekanso m'makanema amene timagula kuno kapena kubweretsa kuchokera ku Joni.

Pagona nkhani ndi pa mawu oti "asanaikhudze". Kanema amawerenga kukhudza kwa rimoti yake, kapena kwa mabatani a pathupi pake. Inu m'holomo mumagwira rimoti tsiku lonse, kusintha tchanelo, kukweza mawu chigoli chikalowa, koma ndikukhulupirira kuti ndi rimoti ya dikoda. Zonsezo zimachitikira mu dikoda, ndipo kanema amangolandira chithunzi kudzera pa waya wa HDMI. Kwa iye, munthu womaliza kumulankhula ndi amene anamuyatsa 2 koloko uja. Ndiye holo yadzaza, mabenchi onse atha, ena aima kukhomo, koma iye akuona ngati m'nyumba mulibe munthu. Asanazime amalemba kachenjezo pasikirini kopempha kuti mudine batani lililonse, kamakhala kanthawi kochepa chabe. Pamene mpira watentha palibe amawerenga timalembo totere, ndipo woyamba kukaona amadina rimoti ya dikoda, imene singathandize kanthu.

Musanasinthe chilichonse, yesani izi Loweruka likubwerali. Yatsani 2 koloko monga mwa masiku onse. Ikakwana 4 koloko tengani rimoti ya kanema weniweniyo, mukweze mawu kamodzi n'kutsitsanso. Ngati ndikunena zoona, 6 koloko idutsa popanda chochitika, ndipo kuzimako kusamukira ku 8 koloko usiku, chifukwa kuwerenga maola 4 kwayambiranso pamene munadina. Ndimakonda kuyesa kotere chifukwa kumakutsimikizirani musanalowe m'menyu n'kusokoneza zina.

Mukatsimikiza, kachotseni. Simunandiuze mtundu wa kanema wanu, ndiye ndikupatsani mayina amene mungakumane nawo. Pa Samsung zambiri njira yake ndi iyi:

```
Settings > General > Eco Solution > Auto Power Off
```

Pa Samsung zatsopano malo omwewo alembedwa Power and Energy Saving. Pa LG fufuzani mawu oti Auto Power Off, pa Sony ndi Idle TV Standby, ndipo pa mitundu ina mupeza Auto Standby kapena Auto Sleep. Menyu amasintha chaka ndi chaka, choncho musaloweze njira, gwirani dzinalo. Mukalipeza ikani pa Off. Kunyumba ndimalangiza anthu kuti alisiye, chifukwa limasunga mayunitsi agogo akagona kanema ali chiyakire. Koma pa bizinesi ngati yanu lilibe ntchito.

Pafupi pomwepo pali lina lofanana nalo, limene pa Samsung limatchedwa No Signal Power Off. Ili limazimitsa kanema akakhala opanda chithunzi chilichonse cholowa, nthawi zambiri pakatha mphindi 15. Likakuvutitsani, wolakwa amakhala dikoda imene yagona yokha kapena waya wa HDMI wakhwepa kumbuyo. Mungalidziwe poti sikirini imayamba yada n'kulemba No Signal, kuzima kumabwera pambuyo.

Anthu ambiri akamva za kuzima kosunga nthawi amathamangira Sleep Timer. Kwa inu sindikuikayikira. Imeneyo munthu amaitchera yekha, mphindi 30, 60, 90 kapena kuposerapo, ndipo pa makanema ambiri ikagwira ntchito kamodzi imadzichotsa. Yobwerezabwereza ndi On Timer ndi Off Timer, zimene zimatsata wotchi ngati alamu. Kwa azakhali anga kanema ankayaka yekha m'mamawa uliwonse, mawu ali pamwamba, mpaka iwo anayamba kumufunditsa chitenje ndi kuopa kugona pabalaza. Nditatsegula menyu ndinapeza On Timer ili pa 05:30, masiku onse a sabata atasankhidwa. Mdzukulu wawo anaitchera kuti izimudzutsa popita kusukulu, kenako anaiwala. Chimene chinawasokoneza kwambiri n'choti nthawi zina ankayaka nthawi ina yosiyana, chifukwa magetsi akathima wotchi ya kanemayo inkasokonekera, alamu n'kumatsata nthawi yolakwika. Inunso suzumirani pamenepo, pansi pa Time kapena Timers, popeza kanema wanu anali ndi mwini wake kale. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: Off Timer imazimitsa 6 koloko ngakhale mutayatsa 5 koloko, pamene lamulo la maola 4 limasuntha malinga ndi nthawi imene mwayatsira.

Tsopano za usikuzo, zimene ndikuona kuti gwero lake ndi lina. M'kati mwa waya wa HDMI muli timawaya tambiri, ndipo pamutu pake pali timano 19. Ka nambala 13 sikanyamula chithunzi kapena mawu. Ntchito yake ndi kunyamula malamulo pakati pa zipangizo, dongosolo lotchedwa HDMI-CEC. Kudzera pamenepo dikoda ikadzuka imatha kuuza kanema kuti "dzuka, onetsa ine", ndipo kanema amene mwazimitsa ndi rimoti amamva, chifukwa sanazime kwenikweni, wangogona khutu lili tcheru. Kanyali kofiira kaja ndiko chizindikiro chake. Anazipanga ndi cholinga chabwino, kuti munthu adine batani limodzi zonse ziyake. Vuto n'loti dikoda imatha kudzuka yokha ngakhale munthu asanaidzutse. Magetsi akathima usiku n'kubweranso, imayamba yokha. Ina imadziyambitsanso ikalandira mapulogalamu atsopano, zimene kawirikawiri zimachitika anthu atagona. Poyambapo imatumiza lamulo lija, kanema n'kuyaka m'holo mopanda munthu. Mawu anu oti "masiku ena" akugwirizana ndi zimenezi, pakuti si usiku uliwonse umene magetsi amathima. Afunseni alondawo ngati kanema amayaka nthawi imodzi ndi babu la pakhonde.

Kuyesa kwake n'kwa ulele. Potseka holo, zimitsani kanema ndi rimoti monga mwa nthawi zonse, musiye pulagi yake pasoketi, koma muzule waya wa HDMI kumbuyo kwake. Chitani zimenezi kwa sabata yathunthu, kuti mudutsemo usiku umene magetsi athima n'kubwera. Akagona mpaka kucha masiku onsewo, wakuba mwamugwira. Ngati pali zipangizo zingapo zolumikizidwa, monga dikoda ziwiri kapena kabokosi ka intaneti, muzibwezera chimodzi usiku uliwonse mpaka mudziwe chimene chikumudzutsa.

Chosautsa n'choti kampani iliyonse inapatsa HDMI-CEC dzina lakelake, moti munthu amafufuza menyu yense osaipeza. Samsung amati Anynet+, LG amati SIMPLINK, Sony amati BRAVIA Sync, Panasonic amati VIERA Link, Philips amati EasyLink. Pa Samsung zambiri ili apa:

```
Settings > General > External Device Manager > Anynet+ (HDMI-CEC)
```

Musafulumire kuzimitsa yonse. Ngati mawu anu amapita ku sipika kudzera pa bowo la HDMI lolembedwa ARC, kuzimitsa CEC kungathe kuduliratu mawuwo, chifukwa ARC imadalira iyo kuti zipangizo zimvane. Makanema ena amalola kuchotsa mbali ya kuyatsa yokha n'kusiya zina. Fufuzani mawu onga TV Auto Power On kapena Auto Power Sync. Ngati kanema wanu salola kusankha, onani ngati dikodayo ili ndi pozimitsira CEC yake. Koma ngati mawu mumatengera ku ampu ndi waya wamba, monga mmene maholo ambiri amachitira, palibe chimene mutaye, izimitseni yonse. Dziwaninso kuti lamuloli limayenda mbali zonse: chipangizo china chikamagona chingathe kugoneka ndi kanema yemwe.

Kwa holo ngati yanu, ine ndingathimitse pasoketi potseka, kanema ndi dikoda yomwe. Zimathetsa kuyaka kwa usiku, komanso zimateteza zipangizo ku mphamvu imene magetsi amabwera nayo akamayaka. Mungokumbukira kuzimitsa ndi rimoti kaye, chifukwa makanema ena amakumbukira mmene analili: akathimitsidwa ali chiyakire, magetsi akabwera amayakanso okha.

Pali malire a zimene ndanenazi, ndipo sindikufuna munyoze amisiri aja pachabe. Ngati mwachotsa zonsezi, waya wa HDMI mwazula, koma kanema akuyakabe kapena kuzima, chotsani mabatire mu rimoti yake tsiku limodzi. Rimoti ya m'holo imagwiridwa ndi manja a thukuta ndi mafuta a tchipisi, ndipo batani loyatsira likamatirira limatumiza lamulo lokha. Mukatero n'kupitirirabe, yang'anani kazimidwe kake. Kuzima kolamulidwa kumakhala kwaulemu: chithunzi chimachoka, kanyali kofiira kamayaka n'kukhazikika, ndipo mukadina rimoti amadzuka nthawi yomweyo, monga mmene mwafotokozera wanu. Kuzima kwa matenda kumabwera mwadzidzidzi, nthawi zosadziwika, kanyali kamaphethira, nthawi zina mumamva kulira kwa "thi, thi" kumbuyo, kapena dzina la kampani limangobwerabwera pasikirini osapitirira. Zikatero onani kaye magetsi anu, makamaka ngati mababu amachita chizimezime madzulo, kapena ngati mukugwiritsa ntchito sola imene batire lake limafooka dzuwa likalowa. Magetsi akakhala bwino ndiye pitani naye kwa mmisiri, ndipo mumutengere kapepala kamene mwalembapo nthawi yoyatsira ndi nthawi yozimira ya tsiku lililonse. Chivundikiro cha kumbuyo musatsegule nokha, chifukwa bolodi ya magetsi imasunga mphamvu yoopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

Mukayesa zija za 4 koloko Loweruka, mundilemberenso, ndipo munditumizire nambala ya mtundu wa kanemayo yolembedwa pa kapepala komata kumbuyo kwake, kuti ndikuuzeni penipeni podina.