Ngongole yomwe yakanika kubwera, kodi a msonkho aichotsa?

"Abale, ndili ndi kasitomala amene anatenga katundu wa K3 miliyoni pa ngongole chaka chatha, mpaka lero zii, foni sayankha. Ndikangoifafaniza m'mabuku, a MRA andichotsera pa msonkho?"

Asisi, musafafanize kaye, gwirani cholemberacho. Ine ndinachita zomwezo ndipo ndinalira kawiri, koyamba kulira ndalama zanga, kachiwiri kulira msonkho.

Tili ndi kakampani ka hadiweya ku Lilongwe kuno, ine ndi akazi anga. Mu 2021 kontilakitala wina, munthu woti timapemphera naye limodzi, anayamba kutenga simenti, malata ndi mawaya, akuti akamulipira kumene akumanga adzatipatsa zonse pakamodzi. Katundu wa K5 miliyoni tinamulembera mainvoisi bwinobwino, ndipo analowa m'mabuku ngati malonda a chaka chimenecho. Wina wa K1 miliyoni anadzatenga kapitawo wake Loweruka madzulo tikutseka, ine n'kungolemba m'kope la pa kauntala, invoisi ayi, ndipo sanalowe konse m'malonda. Kenako bamboyo anabwera kunyumba usiku, chipewa m'manja, akuti anyamata ake akufuna kumumenya chifukwa cha malipiro. Ndinatapa K2 miliyoni mu akaunti ya kampani n'kumubwereka. Zonse pamodzi K8 miliyoni.

Chimene chimapweteka n'choti msonkho sudikira kuti kasitomala akulipireni. Mukangolemba invoisi, ndalamayo yawerengedwa kale kuti mwapeza. Ndiye K5 miliyoni ija inalowa m'phindu lomwe tinalipirira msonkho, pomwe ngakhale tambala sitinaione.

Chaka chotsatira mnyamata amene ankatilembera mabuku anati bwana musadandaule, tingoifafaniza yonse. Analemba mzere umodzi, K8 miliyoni, ngongole yosabwezedwa, phindu n'kutsika. Ine n'kusayinira ndili phee, mtima pansi.

Tsiku limene anabwera odzaunika mabuku ochokera ku MRA sindidzaliiwala. Anali mayi wofatsa, sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Tinakhala kuseri kwa shopu pa matumba a laimu poti ofesi yathu ndi kachipinda. Analoza mzere uja ndi chala n'kunena kuti, "Bambo, tandionetseni kuti ndalama iyi inalowa liti m'malonda anu." Ndinatulutsa mainvoisi a K5 miliyoni, anagwedeza mutu kuvomera. Nanga yotsalayi? Ndinatulutsa kope lija, lothimbirira ndi fumbi la simenti, tsamba lake litang'ambika pakona. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anati simungachotse pa phindu ndalama imene simunaiwerengerepo m'phindu, ndipo mtengo wogulira katunduyo munachotsa kale, mukufuna kuchotsa kawiri? Kenako anafunsa ngati m'kopemo muli malonda ena osalembedwa invoisi. Thukuta linatsika msana wonse. Pa K2 miliyoni ya usiku ija anangofunsa funso limodzi, kodi kampani yanu ntchito yake ndi yobwereketsa ndalama? Ndinati ayi, timagulitsa zomangira. Anati basi, imeneyo sinali malonda, inali chifundo chanu.

Ndinaganiza kuti K5 miliyoni yokha ipulumuka. Anati chabwino, iyi ndi ngongole ya malonda, tsopano ndionetseni kuti yakanikadi. Munamulembera kalata? Ayi. Loya? Ayi. Kukhoti? Ayi. Ndinati ndakhala ndikumuimbira foni ndi kumutumizira mauthenga pa WhatsApp. Anati tione. Foni imene inali ndi mauthengawo inagwera m'madzi chaka chapitacho. Ndinalibe ngakhale pepala limodzi losonyeza kuti ndinalondolapo ndalama yanga. Ndiye anafunsa kuti munthuyo anamwalira, kapena kampani yake inagwa? Ndinene chiyani, poti Lamlungu lomwelo ndinamuona akutsika m'galimoto yatsopano, mapepala a pulasitiki adakali pa mipando. Munthu amene ali ndi chuma koma sakufuna kulipira, ngongole yake sinafe, inuyo ndi amene mwatopa kuilondola.

K8 miliyoni yonse inabwezedwa pa phindu. Msonkho wa kampani ndi 30 pa 100 iliyonse, ndiye K2.4 miliyoni, kuphatikiza chindapusa ndi chiwongoladzanja pamwamba. Mayiwo sanalakwe kanthu, anatsata lamulo. Wondipweteka ndi bambo uja. Munthu wopanda manyazi, amakhala mpando wakutsogolo, amandigwira chanza n'kumati achimwene ndikukukumbukani. Kundikumbuka! Ana anga anachedwa kulowa sukulu teremu imeneyo iye akumanga mpanda kunyumba kwake, mwinanso ndi simenti yanga yomwe. Mnyamata wa mabuku uja nayenso nditamuimbira anati mumayenera kundiuza kuti mulibe umboni. Nanga ndinkamulipira kuti atani?

Ndiye kwa inu asisi, yambani ndi kuona ngati K3 miliyoni yanuyo ili ndi invoisi ndiponso kuti inalowa m'malonda amene munapereka ku MRA, chaka chino kapena cham'mbuyo. Ngati sinalowe, palibe chochotsa. Ngati inalowa, ntchito yatsala ndi umboni, chifukwa lamulo likufuna kuti Komishonala, mkulu wa MRA, akhutire kuti ngongoleyo yakanikadi, ndipo woonetsa ndinu, osati iwo. "Sayankha foni" si umboni. Ine pambuyo pake ndinapita kwa loya, analemba kalata yomupatsa masiku oti alipire, sanayankhe, tinakasuma, sanabwere, khoti linagamula kuti alipire. Asherifu atapita kukalanda katundu anapeza kuti galimoto ija ili m'dzina la mlamu wake, nyumba m'dzina la mkazi, kampani yake ilibe ngakhale wilibala. Lipoti lawo ndi limene linakhala umboni wanga. Ndinaika zonse m'fayilo imodzi, mainvoisi, mapepala osayinira polandira katundu, kalata ya loya, chigamulo, lipoti la asherifu, n'kufafaniza K5 miliyoniyo m'mabuku a chaka chimenecho, dzina la munthu ndi ndalama yake. Pamenepo inadutsa. Dzina n'lofunika, zongoyerekeza kuti mwa ngongole zathu zonse mwina zingapo sizibwera, tichotseretu, sazilola.

Koma musaganize kuti akubwezerani ndalama yanu. Pa K5 miliyoni msonkho wanga unatsika ndi K1.5 miliyoni basi, yotsalayo inapita. Inuyo ngati ndi kampani, pa K3 miliyoni mupulumutsa K900,000. Ngati bizinesi ili m'dzina lanu, ziyendera mlingo wa msonkho umene mumalipira inuyo. Ndipo akadzalipira mawa, ndalamayo ibwereranso m'phindu. Wangayu akulu a mpingo atamukhazika pansi anabweretsa K800,000 m'envulopu, ndinayenera kuilemba ngati ndalama yolowa, K240,000 n'kupita ku msonkho. Musakhululukenso ngongoleyo pakamwa kapena pa uthenga chifukwa choti ndi wachibale kapena mnzanu, mukatero mwamupatsa mphatso, simungadzanene kuti analephera kulipira.

Komabe kunena zoona, za kukhotizi muyambe mwawerengera. Ine loya ndi zoyendayenda zinadya pafupifupi theka la zimene ndinapulumutsa, osawerengera masiku amene ndinasiya shopu. Pa ndalama yanuyo mwina ingolembani makalata awiri atatu, azisayinira polandira, kenako kalata imodzi ya loya, muone ngati sanjenjemera. Mukhozanso kumusaka mwamtendere, mupite kwawo ndi munthu wamkulu, avomere ngongoleyo polemba, azilipira pang'onopang'ono, ndi bwino kusiyana ndi kuthamangira K900,000 ya msonkho n'kutaya K3 miliyoni yonse. Ndipo musiye kukongoza anthu katundu. Ngakhale ineyo dzulo lomweli ndapereka matumba 40 kwa kapitawo wina, koma uyu yekha wasayina.