Mizere yonga mano a chipeso pa vidiyo ya kaseti

"Ndinasamutsira pa kompyuta kaseti ya VHS ya Nc'wala yomwe amalume anajambula ku Mtenguleni kalekale. Ovina akamadumpha pakuoneka mizere ngati mano a chipeso, ndipo nditachepetsa fayilo kuti nditumize kwa abale yanyanyiratu. Kaseti yawonongeka kapena?"

Achimwene, kasetiyo ili bwino, musaitaye. Mizereyo ndi mmene makamera a nthawi imeneyo ankajambulira. Kuno ku Zambia tinkagwiritsa ntchito njira yoonetsera kanema yotchedwa PAL, ndipo pa PAL chithunzi chimodzi chimakhala ndi mizere 576 yooneka, koma kamera sinkaijambula yonse nthawi imodzi. Inkatenga mzere woyamba, wachitatu, wachisanu mpaka pansi, kenako n'kubwerera kukatenga wachiwiri, wachinayi ndi ina yotsala. Pa sekondi imodzi pamakhala matheka 50 oterewa. Wailesi yakanema yakale ija ya chimsana inkaonetsa theka lililonse pa nthawi yake, diso osaona vuto. Kompyuta ndi foni zimaphatikiza matheka awiri n'kuwaonetsa limodzi. Tsono wovina ngoma akakweza chishango, theka loyamba lachigwira chili apa, lachiwiri chasuntha kale, m'mphepete mwake n'kutuluka mano aja. Taimitsani vidiyoyo muone: mtengo woima chilili ulibe mano, ali pa miyendo ndi pa zishango pokha.

Chimene chakupwetekani n'kuyamba ndi kuchepetsa. Mukafinya chithunzi cha mizere 576 kuti chikhale cha 360, mizere ya matheka awiri aja imasakanikirana, ndipo palibenso pulogalamu ingailekanitse. M'malo mwa mano ang'onoang'ono mumapeza mafunde akuluakulu okhalitsa. Komanso pulogalamu yofinya imayesa manowo mbali ya chithunzi, imawononga malo powasunga, nkhope za anthu n'kumatuluka zosaoneka bwino. Choncho fayilo yochepetsedwayo isiyeni, bwererani ku yoyamba ija yomwe inachokera ku kaseti.

Musanachite kanthu, dziwani kaye theka lomwe limayamba. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya ffmpeg, ndi yaulere:

```
ffmpeg -i ncwala.avi -vf idet -frames:v 1000 -an -f null -
```

Kumapeto mudzaona mzere wolembedwa `Multi frame detection`, wokhala ndi manambala pa `TFF` ndi `BFF`. `TFF` ndiye kuti limayamba ndi theka la pamwamba, la mzere woyamba ndi wachitatu lija, pomwe `BFF` ndiye kuti limayamba ndi la pansi, la mzere wachiwiri ndi wachinayi. Pomwe pali nambala yaikulu ndiye yankho. Ngati kumayambiriro kwa kaseti kuli mdima kapena anthu angokhala phee, manambalawo sathandiza, yesani pomwe gule watentha.

Tinene kuti mwapeza `TFF`, mano aja muwachotse ndi `bwdif` motere:

```
ffmpeg -i ncwala.avi -vf "bwdif=mode=send_field:parity=tff:deint=all,setdar=4/3,format=yuv420p" -c:v libx264 -crf 19 -c:a aac ncwala50.mp4
```

Mawu oti `send_field` ndiwo mtima wa nkhaniyi. Amauza pulogalamuyo kuti theka lililonse lisanduke chithunzi chathunthu, mupeze zithunzi 50 pa sekondi. Ambiri amasankha 25 poopa kukula kwa fayilo, koma potero amataya theka la kayendedwe komwe amalume anajambula, ndipo pa gule ngati ngoma zimaonekeratu, phazi likamenya pansi limachita ngati ladumphiza. Fayilo imakula ndithu koma siwirikiza kawiri, chifukwa zithunzi zoyandikana zimafanana kwambiri. Pomwe pali `setdar=4/3` n'poteteza kuti anthu asaoneke otambalala kapena oonda. Mukafuna kuchepetsa chithunzi, `scale` ibwere pambuyo pa `bwdif`, osati patsogolo pake.

Apa ine ndinagwapo. Ndinali ndi kaseti yaing'ono ya MiniDV ya ukwati wa mlongo wanga ku Katete, ndinangolemba `tff` mwachizolowezi. Mano anachoka, koma mkwatibwi akamayenda ankanjenjemera, kupita patsogolo pang'ono n'kubwerera, mpaka amayi anati maso akuwawa. Makaseti a DV amayamba ndi theka la pansi, pankafunika `bff`. Mukaona kunjenjemera kotereku sinthani mawu amenewo basi. N'chifukwa chake ndimayesa kaye kachidutswa ka masekondi 30 poika `-t 30` patsogolo pa dzina la fayilo yotuluka, ndisanasiye kompyuta kugwira ntchito usiku wonse magetsi n'kudzathima pakati.

Pali pomwe njirayi imalephera. Tizipangizo tina totchipa tolumikiza ku kompyuta, ngakhalenso ena osamutsa makaseti m'tauni muno, amakupatsani fayilo yofinyidwa kale, kukula kwake atasintha. Onani msinkhu wa fayilo yanu yoyamba. Ngati ndi 720x576 muli pabwino. Ngati ndi 640x480 kapena 1280x720 koma mano akuonekabe, mizere inasakanizidwa kale, ndipo mankhwala ake n'kusamutsanso kasetiyo, mukawauze kuti mukufuna 720x576 yosasinthidwa.

Kamzere kogwedera pansi penipeni pa chithunzi si ka vutoli, kamachokera ku mitu ya makina a VHS, ndipo `bwdif` sikachotsa. Fayilo yoyambayo muisunge ngakhale ikudya malo (ya DV imafika pafupifupi 13 GB pa ola limodzi), abale muwatumizire yochepetsedwayo. Mukayesa, ikani pano manambala a `TFF` ndi `BFF` pamodzi ndi msinkhu wa fayilo, tione limodzi.