Kalata yopempha kampani ya mafoni kutseka nambala ya wakuba

"Wina anandiimbira kuti watumiza ndalama kwa ine molakwitsa, ine n'kumubwezera, chonsecho sizinalowe n'komwe. Ndilembe bwanji kalata yoti kampani itseke nambala yake ndi kuunikanso nkhani ya ndalama zangazo?"

Pepani kwambiri achimwene. Musanagwire cholembera, imbirani kaye kampaniyo kapena pitani ku ofesi yawo lero lomwe, ndipo muwapemphe nambala ya dandaulo lanu. Ndalama zimabwezedwa mosavuta zikakhala kuti zidakali mu akaunti ya wakubayo, koma akangokatapa kwa ejenti kapena kuzikankhira ku nambala ina, nkhaniyo imasanduka ya apolisi. Kalata imabwera pambuyo monga umboni woti munadandaula.

M'kalatamo musalembe kuti munatumiza molakwitsa. Mawu amenewa amasokeretsa nkhani, chifukwa pa ndalama zolakwika nambala kampani nthawi zambiri imayamba yafunsa wolandirayo ngati akuvomera kubweza, ndipo wakuba sangavomere. Nenani mosabisa kuti munaberedwa mwachinyengo. Pakati pa kalatayo pangamveke motere:

"Pa 14 Malichi, nthawi ya 10:42 m'mawa, ndinalandira uthenga wonena kuti mu akaunti yanga mwalowa ndalama zokwana 85,000. Patangopita mphindi zitatu, mwini nambala yakutiyakuti anandiimbira kuti ndimubwezere, ndipo ndinatumiza nthawi ya 10:51. Pambuyo pake ndinaona kuti uthengawo unachokera ku nambala wamba, osati ku dzina la kampani yanu, komanso kuti ndalama za mu akaunti yanga sizinawonjezekepo. Ndikupempha kuti muimitse akaunti ya ndalama ya nambala imeneyi ndi kutseka simukhadi yake, kuti muunike kumene ndalamazo zapita ndi kundibwezera zimene zatsalamo, ndiponso kuti mundiyankhe polemba."

Onani kuti kuimitsa akaunti ndakuika patsogolo, chifukwa chokupulumutsirani ndalama n'chimenecho, pamene kutseka simukhadi kumateteza anthu ena amene akanaberedwa mawa. Pansi pa pempho lanu m'kalatamo kopererani ndendende nambala ya Transaction ID imene ili mu uthenga wotsimikizira kuti mwatumiza, popeza ndi imene amafufuzira pa makina awo, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika kalata yonse imangogona mu failo. Muphatikizepo zithunzi za mauthenga onse awiri, kope la chiphaso chanu ndi lipoti la kupolisi. PIN yanu yokha musailembe paliponse, ngakhale wina ataimba n'kunena kuti akukonza dandaulo lanu, pakuti akuba omwewo amakonda kubweranso ndi njira imeneyi.

Musataye nthawi kupempha dzina ndi keyala ya mwini nambalayo, chifukwa zimenezo amazipereka kwa apolisi kapena khoti likalamula. Pokasiya kalatayo, tengani makope awiri kuti lina akudindireni chidindo cha tsiku, ndipo akakhala chete kupitirira nthawi imene anakulonjezani, kope lodindidwalo ndi limene mudzapite nalo ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni kapena ku banki yaikulu ya dziko.