Minibasi ya ku Ntcheu imene sinafike

"Zikomo achimwene. Nkhani yanga ikuyambira pa maliro a bambo, kenako mwana wawo wamkazi akukumbukira za njala ya 2002 kwa masamba 14, n'kubwereranso pa maliro paja. Anzanga awiri awerenga ndipo onse akuti anasochera. Malirowo ndiwachotse?"

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa bolopeni yofiira. Nkhani yanga yoyamba inali ya mnyamata wokwera minibasi ku Wenela kupita kwawo ku Ntcheu. Pa tsamba loyamba wakhala pawindo, kondakitala akutolera ndalama. Podutsa ku Lunzu mnyamata uja wayamba kukumbukira: ubwana wake, mbuzi zimene zinasowa, chibwenzi cha ku sekondale, imfa ya amalume. Masamba 11. Ine ndinkaona ngati ndalemba chinthu chozama kwambiri. Ndinakapatsa aphunzitsi ena a Chichewa opuma pantchito, amene tinkapemphera nawo, ndipo patatha sabata anandibwezera mapepala aja atalemba mzere umodzi wokha m'mbali mwa tsamba la 9: "Kodi minibasiyi ifika liti pa Zalewa?"

Ndinakwiya. Miyezi itatu ndinkawazemba pakhomo pa tchalitchi. Koma ankanena zoona, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti ine mwini ndinali nditaiwala kuti mnyamatayo ali m'minibasi. Ankapita kukatani ku Ntcheu? Sindinkadziwa. Minibasi ija inali mpando chabe wokhazikapo munthu kuti akumbukire. Ndikanam'khazika pa ntondo kapena pa benchi la kuchipatala, palibe chikanasintha.

Nkhani iliyonse imakhala ndi mizere iwiri. Pali mzere wa momwe zinthu zinachitikira, pali wa momwe wolemba akuzifotokozera. Tiyerekeze ndi yanuyo, ndikungopeka zamkati. Zochitika: mu 2001 bambo agulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti abweze ngongole, kumayambiriro kwa 2002 njala yafika pachimake ndipo mng'ono wa mtsikana uja amwalira, mtsikanayo achoka pamudzi osatsazika, patapita zaka 20 bambo amwalira, iye abwera kumaliro. Zinayi zimenezi mutha kuziyala monga zilili, wowerenga n'kumafunsa kuti "kenako chichitike n'chiyani?" Mukayambira pa maliro, funso limenelo mwalipha, poti tadziwa kale kuti bambo afa ndipo mwana wapulumuka njala. Muyenera kutipatsa funso lina m'malo mwake, la "chifukwa chiyani?" Sindikukhulupirira kuti anzanu aja anasochera chifukwa cha kutalika kwa masamba. Anasochera chifukwa munawabwezera m'mbuyo asanafunse kanthu.

Taganizani mtsikanayo afika pasiwa, azimayi akulira, iye osagwetsa msozi. Azakhali amupatsa mbale ya nsima, ayikankhira kumbali n'kunena kuti, "Chimanga cha nyumba ino ine sindidya." Basi. Aliyense wowerenga watukula khosi. Apa mukatibwezera ku 2001, tipita tikuthamanga, chifukwa tikukafuna yankho la mbale ija.

Ndipo pano ndinena molimba, ena akwiye: nkhani zambiri zimene ndimatumiziridwa zoyambira pa maliro, pa bedi la kuchipatala kapena m'basi, kubwerera m'mbuyo kwake ndi ulesi. Wolemba waopa kuti chiyambi chenicheni n'chozizira, ndiye wabwereka misozi ya kumapeto kuti atenthetse poyambira. Kale ndinkati zimatengera nkhani yake. Masiku ano ndikangoona munthu wayang'ana pawindo pa ndime yachiwiri, ndimayamba kuwerenga masamba otsala.

Chodabwitsa n'chakuti tonse tinakulira pa anthu odziwa ntchitoyi. Agogo anga akati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," nthanoyo inkayenda chowongoka, osabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi. Koma tsiku limene wina waba nsinjiro m'mphika, madzulo ake tinkamva nthano ya mwana wankhuli. Nkhani yeniyeni inali panja pa nthanoyo, pamoto pomwepo, pomwe wakuba uja ankakanda pansi ndi chala. Nkhani yokutira inzake imayenera kutero: wofotokoza akhale ndi chimene akufuna kwa womvera. Nthano zakale za kwa Aluya ndi Aperezi, za usiku 1001, n'chimodzimodzi. Mkazi akusimbira mfumu nthano, n'kumaidula pakati m'bandakucha, chifukwa mfumuyo ikakhutira imupha m'mawa. Nthano iliyonse ya mkati ikugula tsiku limodzi la moyo. Minibasi yanga sinkagula kanthu.

Agogo omwewo ndiwo anandiphunzitsa kutsina khutu womvera. M'nthano akangoti mayi anauza mwana kuti "usavundukule mphika uwu," tonse tinkadziwa kuti uvundukulidwa, ndipo kudziwako n'kumene kunkatigwira. Anton Chekhov, wolemba wa ku Russia amene anamwalira mu 1904, amakumbukiridwa ndi malangizo akuti mfuti ikaoneka itapachikidwa pakhoma koyambirira, iyenera kudzalira mtsogolo. Vuto lathu ife ndi kadzidzi. Aliyense akafuna kulosera imfa amaliza kadzidzi padenga, kapena kudutsitsa njoka panjira. Malodza alipo pachikhalidwe chathu, sindikukana, koma m'nkhani atha mphamvu: kumeneko si kutsina khutu, ndi kukuwa ndi chimkuzamawu. Kulosera kwabwino kumaoneka ngati chinthu wamba. Mwana wamng'ono uja akusewera pansi pa nkhokwe, agogoda ndi kamtengo, n'kuseka kuti ikulira ngati ng'oma. Wowerenga aseka naye. Pa tsamba la 10 ndi pamene azindikire kuti nkhokwe yolira ngati ng'oma ndi yopanda kanthu.

Za aneni, poti ndi pomwe ambiri amaterereka

Chichewa chili ndi chitseko chake cholowera m'mbuyo. Nkhani ikamayenda ndi "anafika, anakhala, anakana," polowa kale lakelo mumati "anali atagulitsa," "anali atachenjezedwa." Ziganizo ziwiri kapena zitatu zokha, pamodzi ndi chikhomo chooneka monga "chaka chija anthu ankadya gaga," kenako mubwerere ku "anapita, anati." Mukakakamira "anali ata-" masamba 14, wowerenga atopa ngati woyenda chafutambuyo. Potuluka, gwirani chinthu chimene munachisiya: nsima ija yazizira, azakhali akadali chiimire. Ine nkhani ya minibasi ndinailembanso kawiri, ulendo wachiwiri ndinangoitaya minibasiyo, ndipo inatsala ya mbuzi zokha, masamba 5. Aphunzitsi aja anamwalira ndisanawaonetse.

Tsono malirowo. Yesani chonchi: achotseni, muwerenge masamba 14 aja paokha. Ngati nkhani yaima bwino, maliro anali minibasi, atayeni ndipo muyambire pa tsiku logulitsa chimanga. Ngati mukuwafuna, apatseni ntchito: mtsikanayo akhale ndi choti asankhe asanaike maliro, kaya adya kapena sadya, kaya alankhula kumanda kapena ayi. Masamba 14 aja muwadule zigawo zitatu, ndipo pakati pake tizibwerera pasiwa kukaona kuti dzuwa lafika pati. Mukatero mupatsenso anzanu awiri aja, muwapemphe aike kachizindikiro ndi pensulo pamzere weniweni pomwe asiya kudziwa kuti ali m'chaka chiti.