Kageni ka mwana wa sukulu: nshawa zokazinga

"Asisi, ndili pa yunivesite kuno ku Chipata, ndili ndi K200 chabe ndipo makalasi athu amasinthasintha, lero m'mawa mawa madzulo. Ndingagulitse chani osaphonya kalasi?"

Mng'ono wanga, gulitsa chinthu chimene chingakudikire. Vitumbuwa vikagona vauma, mafiliziti malaiti akapita asungunuka, ndiye alekichara akangosuntha kalasi mwadzidzidzi mpamba wako wathera pompo. Ine ndikuti nshawa zokazinga, poti kuno kum'mawa ndiye kwawo ndipo zikakazingidwa bwino zimakhala sabata yonse osafewa.

Pita ku Kapata kapena ku Saturday Market ugule meda imodzi ya zosenda kale. Mitengo iyi ndi chitsanzo chabe, ukafunse wekha chifukwa imatsika akangokolola cha mu Meyi ndi Juni nkukwera kwambiri mvula ikayamba. Tinene meda K100, malasha, mchere, kandulo ndi timapulasitiki K30. Meda ndi malita 5, ukasankha nkutaya zoipa, kakapu ka 100 ml kakupatsa timapaketi pafupifupi 40. Pa K5 kamodzi ndi K200, phindu K70. Ndi yochepa inde, koma K70 yotsala pa K200 yako ija sunaikhudze ndipo ntchito yonse ndi ya Loweruka masana basi.

Posankhapo usachite ulesi chonde. Zofota, zakuda, zobooka ndi za chuku taya, chuku cha nshawa chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo moto sumupha, usaganize kuti ukakazinga zatha. Zotsalazo uwaze timadzi ta mchere pang'ono, moto wa mbaula ukhale wofatsa, uzitakasa osaleka mpaka khungu liyambe kufikisika ndi zala ndipo mkati mwafiirira. Moto ukachuluka kunja zimapsa mkati zili zaziwisi, munthu akatafuna kamodzi sabweranso.

Apa ndiye ambiri amagwa: kulongeza zikali zotentha chifukwa chothamangira kalasi. Ziyanike pa lichero zizizire kotheratu kenako umate pulasitiki ndi kandulo. Ukaona timadontho ta thukuta mkati mwa paketi dziwa kuti mawa zikhala zofewa, tsegula uziikenso pamoto pang'ono. Ngati ku hositelo salola mbaula kakazingire kwa achibale mukomboni, osalimbana ndi malamulo a sukulu.

Kugulitsa kwake timapaketi 10 m'chikwama tsiku lililonse, pa buleki kapena podikira alekichara omwe achedwa aja, zina usiyire mnzako wa m'chipinda wokhulupirika ndipo ulembe pa gulu la kalasi pa WhatsApp kuti zilipo. Za ngongole kana kuyambira tsiku loyamba, olo akhale mnzako wapamtima, chifukwa anthu 14 okha akati ndikupatsa mawa K70 yonse ija yapita. Wopanda kashi atumize pa Airtel Money kapena MoMo uone meseji kaye. K130 ya mpamba uziyamba kuichotsa ndi kuisunga payokha usanagule bando kapena ndiwo, ndipo sabata ya mayeso usakazinge nkomwe, zaziwisi zouma bwino zimakhala miyezi bola pamalo posanyowa.